Kalata yopita kwa mphunzitsi wamkulu yopempha kukonza laibulale: mafunso ndi mayankho

Makalata ambiri opempha kuti laibulale ya sukulu ikonzedwe amathera m'dilowa ya ahedi. Sikuti ahedi sakonda mabuku ayi. Vuto limakhala lakuti kalatayo imadandaula bwino koma siiwapatsa chinthu choti anene kuti "inde, yambani". Mayankho ali m'munsiwa tawalemba poganizira sukulu ya sekondale yoyendera, yomwe ili ndi mabuku angapo m'makatoni koma ilibe wogwira ntchito ya laibulale. Zambiri mwa izo zigwiranso ntchito kupulayimale.

Kalatayi ayenera kulemba ndani?

Mphunzitsi, kalabu yowerenga, mapulifekiti, kholo kapena gulu la ophunzira akale, onsewa atha kulemba. Chofunika n'chakuti pansi pa kalata pakhale dzina la munthu amene ahedi angamuitane mawa lake n'kumufunsa mafunso. Kalata yosainidwa kuti "ophunzira okhudzidwa" imaoneka ngati yodandaula basi, ndipo palibe woti n'kumuyankha.

Ngati olemba ndi ophunzira, kalata idzere kwa mphunzitsi woyang'anira kalabu yawo kapena mkulu wa dipatimenti ya zilankhulo. Pansi pa keyala ya ahedi mulembe kuti "Kudzera kwa:", mphunzitsiyo asainepo. Makolo adzere kukomiti ya makolo ndi aphunzitsi. Musalumphe ahedi n'kukayamba kulembera akuluakulu a maphunziro kuboma kapena mabungwe. Akadzamva nkhani ya sukulu yawo kuchokera kunja, ntchitoyo idzayamba ndi chilonda.

Tisanagwire cholembera, tiyambe tachita chiyani?

Pemphani kiyi, mulowe m'chipinda momwe muli mabuku, muwerenge kuti alipo angati. Apa ndi pamene pagona mphamvu yonse ya kalata yanu. Anthu anayi atha kumaliza mabuku 600 masana awiri kapena atatu ngati agawana ntchito: awiri akutulutsa ndi kupukuta fumbi, mmodzi akusanja, mmodzi akulemba.

Mabukuwo muwaike milu itatu. Mulu woyamba ndi wa abwino, oti atha kubwerekedwa lero. Wachiwiri ndi wa oti akonzedwe: chikuto chathothoka, masamba akulendewera koma onse alipo. Wachitatu ndi wa amene sangathandizenso, monga odyedwa ndi chiswe, ovunda ndi madzi kapena osowa masamba. M'mulu woyamba muonenso kuti ndi angati omwe akugwirizana ndi silabasi ya panopa. Si zachilendo kupeza kuti pali makope 40 a buku limodzi lakale la mbiri ya dziko lina, pomwe buku la Bayoloje la Fomu 4 lilipo limodzi lokha.

Kenaka yang'anani chipindacho. Yezani m'litali ndi m'lifupi ndi tepi ya kalipentala. Onani denga ngati likudontha. Chizindikiro chake ndi zipsera zofiirira pa siling'i kapena ndere pakhoma. Onani mawindo ngati ali ndi zitsulo, ndi loko ngati imatsekadi. Pomaliza funsani kuti kiyi imakhala ndi yani komanso chipindacho chinatsegulidwa kangati teremu yathayi. Yankho la funso limeneli nthawi zambiri ndi lomwe limaulula vuto lenileni. M'sukulu zambiri mabuku alipo ndithu, chosowa ndi munthu wotsegula chitseko pa nthawi yodziwika.

Mutu wa kalata ukhale wotani?

Mutu unene zinthu zitatu m'mzere umodzi kapena iwiri: kuti mukupempha, chimene mukufuna kuchita, ndi nthawi yake. Umalembedwa pansi pa malonje, m'zilembo zikuluzikulu kapena ndi mzere kunsi kwake, monga zimakhalira m'kalata yantchito iliyonse.

"ZA LAIBULALE" si mutu wokwanira, chifukwa suonetsa ngati mukudandaula, kuthokoza kapena kupempha. "PEMPHO LOTUKULA CHIKHALIDWE CHOWERENGA PASUKULU PANO" ukumveka bwino m'khutu koma ahedi sangadziwe chomwe akuvomera. Mutu wothandiza ndi wonga uwu: "PEMPHO LOKONZA NDI KUTSEGULANSO LAIBULALE MU TEREMU YOYAMBA". Mukaona kuti mutu wanu ukufuna mawu akuti "komanso" kawiri konse, ndiye kuti mwaphatikiza ntchito zingapo. Sankhanipo imodzi, zinazo zidikire kalata yachiwiri.

Nanga zolinga? Zimasiyana bwanji ndi ntchito zoti zichitike?

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Kugula matabwa ndi ntchito. Kupaka laimu ndi ntchito. Cholinga ndi chimene chidzakhala chitasintha kwa wophunzira ntchitozo zikatha. Njira yoyesera cholinga ndi yosavuta: dzifunseni kuti, teremu ikamatha, ahedi atha kulowa m'chipindamo kapena kutsegula kaundula n'kuona ndi maso awo ngati chatheka? Ngati sangathe, cholingacho sichinapse.

Tengani cholinga chakuti "kulimbikitsa ophunzira kukonda kuwerenga". Palibe angachitsutse, koma palibenso angachiyeze. Chitembenuzeni chikhale chakuti "kalasi iliyonse ikhale ndi piriyodi imodzi ya mphindi 40 mulaibulale sabata iliyonse". Tsopano chili ndi nambala, ndipo mwini ndandanda wa maphunziro akudziwa chomwe akupemphedwa.

Zolinga zitatu kapena zinayi n'zokwanira. Chimodzi chikhale cha mabuku, china cha nthawi yotsegula, china cha kubwereka, ndipo ngati mungafune, chomaliza chikhale cha chitetezo cha mabukuwo. Chimodzi chokha chomwe tikukuletsani mwamphamvu ndi kulonjeza kuti ophunzira ambiri adzakhoza MSCE kapena JCE chifukwa cha ntchito yanu. Zotsatira za mayeso a MANEB zimadalira zinthu zambiri zomwe simungazilamule, ndipo zikadzatsika chaka chimenecho, anthu adzati laibulale sinathandize. Lonjezani zomwe zili m'manja mwanu.

Tingaone chitsanzo cha kalata yonse?

Manambala ali m'munsiwa ndi ongoyerekeza, a sukulu ya ophunzira 320. Inu muike anu.

Pamwamba kudzanja lamanja: keyala ya olemba, pansi pake tsiku. Kudzanja lamanzere: Mphunzitsi Wamkulu, dzina ndi keyala ya sukulu. Pansi pake: Kudzera kwa Mkulu wa Dipatimenti ya Zilankhulo.

Bambo, (kapena Mayi,)

PEMPHO LOKONZA NDI KUTSEGULANSO LAIBULALE MU TEREMU YOYAMBA

Ife a kalabu yowerenga tikupempha chilolezo chanu kuti tikonze chipinda chosungiramo mabuku, chiyambe kugwira ntchito ngati laibulale pofika sabata yachisanu ndi chiwiri ya teremu ino.

Mutatiloleza, tinawerenga mabuku onse amene ali m'chipindacho ndipo tinapeza 640. Mwa amenewa, 410 ndi abwino, 150 akufunika kumatidwa, ndipo 80 anaonongeka ndi chiswe ndi madzi. Onse ali m'makatoni pansi chifukwa mulibe mashelefu. Kaundula wa mabuku palibe, choncho ophunzira sabwereka.

Zolinga zathu ndi izi:
1. Mabuku 560 alembedwe m'kaundula, adindidwe ndi kuikidwa pa mashelefu pofika sabata yachisanu ndi chimodzi.
2. Laibulale izitsegulidwa Lolemba mpaka Lachisanu kwa ola limodzi ndi theka tikaweruka.
3. Kalasi iliyonse ikhale ndi piriyodi imodzi yowerenga pa sabata.
4. Pakutha pa teremu, ophunzira osachepera 160 akhale atabwerekapo buku, ndipo mabuku osowa asapitirire 10.

Kuti izi zitheke tikupempha zinthu zitatu kwa inu: chipindacho chisiye kusungiramo makasu ndi madesiki othyoka, mutipatse mphunzitsi mmodzi wosunga kiyi ndi wachiwiri wake, ndipo mupereke mndandanda wa zipangizo womwe taphatikiza ku komiti ya sukulu pa msonkhano ukubwerawu. Ntchito yosesa, kumata ndi kulemba mabuku tidzagwira tokha. Teremu ikamatha tidzakupatsani lipoti la tsamba limodzi.

Tidzakondwa kukumana nanu kwa mphindi zochepa pa tsiku lomwe mungasankhe sabata yamawa.

Ife anu,
siginecha, dzina, udindo

Taonani kuti pempho labwera m'chiganizo choyamba. Ahedi akawerenga ndime yoyamba yokha belu n'kulira, adziwabe chomwe mukufuna. Taonaninso kuti kalatayi sinanene kuti chipindacho chinaonongeka chifukwa cha yani. Mwina amene anaika makatoni pansi ndi yemweyo amene akuwerenga kalata yanu.

Bajeti ilowe m'kalata momwemo?

Ayi, ikhale pa pepala lapadera lomata kumbuyo. M'kalata mungotchula kuti ilipo. Pa pepalalo lembani kuchuluka kwa chinthu chilichonse, mtengo wa chimodzi, mtengo wonse, ndi tsiku limene munafunsa mitengoyo, poti mitengo ya matabwa ndi misomali imasintha msonkhano wa komiti usanachitike n'komwe. Funsani akalipentala awiri kapena atatu, aliyense alembe mtengo wake.

Mashelefu ndi omwe amadya ndalama zambiri, choncho awerengereni bwino. Thabwa limodzi la shelefu lotalika masentimita 90 limanyamula mabuku a kusekondale pafupifupi 30 mpaka 40, tiwerengere 35. Mabuku 560 afuna matabwa 16. Kabati yotseguka yotalika masentimita 180 imalowa matabwa asanu oikapo mabuku, mpata wa masentimita 30 pakati pawo. Makabati anayi apereka matabwa 20, ndipo anayi otsalawo ndi malo a mabuku amene adzabwere. Kabati iliyonse imafuna matabwa okwana mamita 9: aafupi asanu ndi limodzi (kuphatikiza lofunda pamwamba) ndi awiri am'mbali. Onse anayi ndi mamita 36, ndipo muonjezereko pang'ono chifukwa podula pamatsala tizidutswa, komanso kumbuyo kumafunika timatabwa tolimbitsa kuti kabati isapendeke.

Muuzeni kalipentala kuti thabwa likhale lochindikala masentimita awiri ndi theka, lotambalala masentimita 25, ndipo likhale louma. Thabwa laliwisi limapindika likamauma ndipo limapatsira mabuku chinyontho. Musalole kuti atalikitse shelefu kupitirira masentimita 90 popanda chochirikiza pakati. Limayamba kugwada pakati miyezi ingapo isanathe. Kabati iliyonse imangiriridwe kukhoma chakumtunda kuti mwana akakoka isamugwere.

Zina zofunika ndi zazing'ono: makope awiri a chikuto cholimba, sitampa ya sukulu ndi inki yake, guluu woyera wa akalipentala, nsalu yopyapyala yomatira misana ya mabuku, loko yabwino ndi laimu. Selotepi musaiike pa mndandanda. Imagwira miyezi yochepa, kenaka imauma, kusanduka yachikasu n'kusiya zomata zomwe zimang'amba tsamba.

Gawani bajeti pawiri: zofuna ndalama ndi zosafuna ndalama. Zikatere, ngakhale komiti itati thumba lilibe kanthu, ahedi atha kuvomera gawo lachiwirilo ndipo ntchito n'kuyamba. Kupulayimale, komwe sukulu zimalemba ndondomeko ya chitukuko chawo n'kulandira thandizo la boma potsatira ndondomekoyo, pemphani kuti mashelefu alowe m'ndondomeko ya chaka chikubweracho. Zomwe sizinalembedwemo zimavuta kugula pakati pa chaka.

Bwanji osangopempha mabuku atsopano kapena makompyuta?

Chifukwa mabuku atsopano olowa m'chipinda chopanda mashelefu, kaundula ndi wosunga kiyi adzakhala makatoni ena pamwamba pa akalewo. Konzani nyumba kaye. Ndiponso opereka mabuku, kaya ndi bungwe la National Library Service, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe, kaya ndi ophunzira akale, amamvera msanga sukulu yomwe ingaonetse chipinda chabwino, munthu woyang'anira ndi kaundula yemwe akugwira ntchito. M'kalata yoyamba mutha kungoika chiganizo chimodzi: kuti ntchitoyi ikatha, mudzapempha ahedi asaine kalata yopempha mabuku. Kalata yopita kunja kwa sukulu imatuluka m'dzina la ahedi.

Nthawi yopempha mabuku ikadzafika, tchulani omwe mukufuna: phunziro, fomu ndi kuchuluka kwake, madikishonale angati, maatilasi angati, nthano za Chichewa ndi za Chingerezi chosavuta zingati. Mukangoti "mabuku alionse" mudzalandiradi alionse.

Makompyuta ndi nkhani ina, ya magetsi, chitetezo cha usiku ndi wokonza akaonongeka. Aikeni m'kalata yakeyake.

Ahedi athu amati akatsegula chipindacho mabuku adzatha kubedwa. Tiwayankhe bwanji?

Musawaone ngati oumira. Mabukuwo ndi katundu wa sukulu ndipo akasowa, wofunsidwa ndi iwo. Kalata yabwino imayankha nkhawa imeneyi asanaitchule, pofotokoza mwachidule mmene mabuku adzasungidwire. Ngati malo achepa, ikani pa pepala lomwe lija la bajeti.

Pamafunika makaundula awiri. Woyamba ndi wa mabuku onse. Buku lililonse limapatsidwa nambala yakeyake, kuyambira 1 kupita m'tsogolo, ngakhale atakhala makope khumi a buku limodzi. Mizere yake ndi nambala, mutu, wolemba, phunziro, kumene linachokera, ndi mmene lilili. Nambalayo ilembedwe ndi inki mkati mwa chikuto. Sitampa idindidwe malo atatu: tsamba loyamba, m'mphepete mwa masamba buku litatsekedwa, ndi tsamba limodzi lamkati lomwe mwagwirizana, mwachitsanzo tsamba 21 m'buku lililonse. Wong'amba tsamba loyamba kuti akagulitse buku kumsika kawirikawiri saganiza zofufuza mkati.

Wachiwiri ndi wa obwereka: tsiku, dzina, fomu, nambala ya buku, tsiku lobweza, siginecha, ndi malo oti wolandira achonge likabwera. Cholakwika chofala ndi kulemba mutu wa buku m'malo mwa nambala. Ana awiri akabwereka buku lofanana, mmodzi n'kutaya lake, amatha kutenga la mnzake n'kubweza, ndipo popanda nambala simungadziwe wolakwa.

Malamulo akhale ochepa: buku limodzi pa nthawi, masiku asanu ndi awiri kapena masabata awiri, zikwama zitsale pakhomo. Mabuku omwe alipo kope limodzi kapena awiri, madikishonale ndi maatilasi, aziwerengedwa momwemo osatuluka nawo. Sabata yomaliza ya teremu kubwereka kuimitsidwe, mabuku onse awerengedwe moyerekeza ndi kaundula. N'chifukwa chake m'chitsanzo chija tinalemba kuti osowa asapitirire 10. Kulonjeza kuti sipadzasowa buku ngakhale limodzi ndi bodza lomwe ahedi alizindikira pomwepo. Nambala yoona imawapatsa chikhulupiriro kuti mwaganiza mofatsa.

Za kiyi, pemphani anthu awiri. Laibulale ya kiyi imodzi imatsekedwa tsiku lililonse lomwe mwini kiyi wapita kumaliro, kuchipatala kapena kumsonkhano, ndipo akasamutsidwa imatsekeratu.

Mabuku oonongeka aja tingawataye?

Osati mwa inu nokha. Alembeni pa mndandanda, muwaike m'katoni yapadera kutali ndi abwino, makamaka ngati ali ndi nkhungu kapena chiswe, ndipo m'kalata mupemphe ahedi kuti agamule chochita nawo.

Chiswe ndi chinyontho tizitchule m'kalata?

Inde, chiganizo chimodzi kapena ziwiri, chifukwa ndi zomwe zingaononge ntchito yonse m'dzinja limodzi. Nenani kuti thabwa lapansi lidzakhala masentimita 15 kuchokera pa simenti ndipo mabuku sadzakhudza khoma; pasiyidwe kampata koti dzanja lilowe, mpweya uzidutsa. Chiswe chimadziwika ndi tinjira tadothi tokwera khoma kuchokera m'ming'alu ya pansi. Ming'aluyo itsekedwe ndi simenti makabati asanalowe, ndipo wina azisuzumira kuseri ndi pansi pa makabati sabata iliyonse. Buku likamanunkha chinyontho, masamba ake ali ndi timadontho takuda, ndiye kuti chipindacho sichipita mphepo kapena denga likudontha. Denga lodontha likhale chinthu choyamba pa bajeti, patsogolo pa mashelefu. Chakudya chisalowe, chifukwa nyenyeswa zimaitana mphemvu ndi makoswe, ndipo zimenezi zikatha nyenyeswa zimayamba guluu wa m'misana ya mabuku.

Tilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi? Italike bwanji?

Kusekondale makalata a kuofesi nthawi zambiri amakhala m'Chingerezi, choncho funsani mphunzitsi amene kalata ikudzera kwa iye. Ngati nkhaniyo ikakambidwa kukomiti komwe kuli makolo ndi mafumu, konzaninso kope la Chichewa kuti aliyense amve yekha chomwe akuvomereza. Kalata ikwane tsamba limodzi, pepala la bajeti likhale lachiwiri. Yolemba pamanja ndi yololedwa bola ikhale yaukhondo, ya inki yabuluu kapena yakuda, yopanda zofufuta. Sungani kope lanu.

Tiipereke liti, ndipo akapanda kuyankha titani?

Nthawi yabwino ndi masabata omaliza a teremu yachitatu, mayeso atatha, kapena sabata yoyamba ya chaka cha sukulu, ndandanda wa maphunziro asanaukhomerere kukhoma. Piriyodi yowerenga ndi yosavuta kuilowetsa ndandanda akadali kuukonza. Akaumaliza, mphunzitsi aliyense amateteza mapiriyodi ake. Kuyamba mu teremu yoyamba kumapatsanso mpata wokonza denga mvula isanalimbe. Pewani masabata olembetsa ndi olemba mayeso. Fufuzaninso tsiku la msonkhano wa komiti, kalata ifike kutatsala masabata awiri.

Perekani pamanja, makope awiri, ndipo pemphani wolandira alembe tsiku pa kope lanu. Pakatha sabata popanda yankho, musalembe kalata ina yokumbutsa. Mphunzitsi amene anasaina uja akagogode kuofesi n'kupempha mphindi zisanu. Akati ndalama palibe, pemphani chilolezo cha gawo losafuna ndalama lija: kusesa, kusanja, kumata ndi kulemba kaundula. Mabuku atha kuyamba akhala pa madesiki akale oyalidwa m'mbali mwa khoma, miyendo yake ili pa njerwa zootcha, podikira matabwa. Akati chipinda palibe, bwererani ndi pempho laling'ono: kabati imodzi yokhoma m'chipinda cha aphunzitsi, ndi bokosi la mabuku 40 lomwe pulifekiti azitengera m'kalasi pa piriyodi yowerenga, kuwawerenga potuluka ndi kuwawerenganso pobweza. Kaundula wa bokosi limenelo, akadzadza masamba angapo, ndi amene mudzamate kumbuyo kwa kalata yopempha chipinda chaka chamawa.